Mwasintha mawu onse, koma akuti mwaba nkhani: vuto lili pati?

Dandaulo lake limabwera mofanana nthawi zonse. Mkonzi wa nyuzipepala ina amaimba foni kunena kuti nkhani imene mwatulutsa m'mawa ndi yawo. Mukamuitana amene anailemba, amadabwa, ndipo kudabwa kwake si kwachinyengo ayi. Amati, "Koma bwana, palibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene ndakopera. Ndalemba m'mawu angaanga." Mukaika nkhani ziwirizo pambalipambali mupeza kuti sakunama: pamene iwo analemba "anakana kuyankha" iye walemba "sanafune kulankhulapo". Koma odandaulawo nawonso akunena zoona.

Vutoli limabwerezabwereza chifukwa atolankhani ambiri anaphunzitsidwa kuti kuba nkhani ndi kukopera mawu basi. Tsono amalimbana ndi mawu, n'kusiya zinthu zina ziwiri zimene zili mkati mwa nkhani ya mnzawo. M'nkhani iliyonse muli mawu amene wolemba anasankha, muli ntchito imene anagwira kuti adziwe zimene walembazo, ndipo muli udindo woti zolembedwazo ndi zoona. Kusintha mawu kumangokhudza choyambacho. Ntchito ija ikadali ya mwini wake ndipo iyenera kutchulidwa. Udindo uja ndiye mwausenza nokha mutangosindikiza, ngakhale simunaone umboni uliwonse.

Chimene malamulo amateteza ndi chimene sateteza

Pangano la mayiko la ku Berne, lomwe linayamba mu 1886 ndipo ndilo maziko a malamulo a umwini wa zolemba m'mayiko ambiri, limanena poyera kuti nkhani za tsiku ndi mfundo wamba zongodziwitsa anthu sizitetezedwa. Nduna ikatula pansi udindo, palibe nyuzipepala imene ingati mfundoyo ndi yake. Chimene chimatetezedwa ndi kalembedwe: mawu, kasanjidwe ka ziganizo, kafotokozedwe. Pangano lomweli limalola kugwira mawu a ena pang'ono, bola mutchule gwero ndi dzina la wolemba ngati lilipo. Limanenanso kuti ufulu womasulira cholemba m'chilankhulo china ndi wa mwini wake. Amene amatenga nkhani ya Chingerezi kapena Chifalansa n'kuimasulira ndime ndi ndime, akuganiza kuti tsopano yasanduka yawo, amve bwino pamenepa: kumasulira n'kukopera ndithu.

Ena amafunsa kuti ndi mawu angati amene munthu angatenge osapalamula. Nambala yoteroyo kulibe. Mu 2009 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, pa mlandu wa kampani ya Infopaq ya ku Denmark, linagamula kuti ngakhale mawu 11 otengedwa m'nkhani ya m'nyuzipepala angathe kukhala kukopera, ngati mawuwo akuonetsa luso la wolemba.

Nanga amene watenga mfundo zokha? Ku America nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu mu 1918. Bungwe la International News Service, la William Randolph Hearst, linkatenga nkhani za nkhondo za bungwe lina logulitsa nkhani la Associated Press m'nyuzipepala zotuluka msanga kum'mawa kwa dzikolo, n'kuzilembanso m'mawu ena, n'kuzitumiza pa telegalamu kumadzulo kumene kunali kusanache. Khoti linavomereza kuti mfundozo zilibe mwini, komabe linati kukolola motero pa ntchito ya mpikisano wako, nkhani ikadali yamoto, ndi malonda osalungama. Lamulo limeneli linachepa mphamvu m'kupita kwa zaka ndipo siligwira ntchito m'mayiko ambiri. Choncho kawirikawiri khoti silingakugwireni chifukwa chotenga mfundo. Amene amakugwirani ndi owerenga, akonzi anzanu ndi malamulo a ntchito yautolankhani, ndipo kwa iwo funso ndi lakuti: mwamupangitsa wowerenga kukhulupirira kuti munafufuza nokha zimene simunafufuze?

Funso limodzi pa chiganizo chilichonse

Njira yokonzera vutoli ndi yotopetsa koma ndi yachidule kuifotokoza. Musafunse kuti "kodi ndatchula gwero m'nkhaniyi?" Tengani chiganizo chilichonse pachokha n'kufunsa kuti "ndadziwa bwanji chimenechi?" Mayankho ake ndi anayi okha: ndaona kapena ndamva ndekha, ndi chinthu chodziwika kale chimene aliyense angachipeze, ndawerenga kwa anzathu ndipo ndatsimikiza pandekha, ndangowerenga kwa anzathu basi. Yankho lililonse lili ndi kalembedwe kake, ndipo chiganizo cha gulu lachinayi sichiyenera kutuluka chopanda dzina la amene anachipeza.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, kuti tione mmene zimakhalira nthawi ikatha.

Ndi madzulo, kwatsala maola awiri kuti tsamba litsekedwe. Nyuzipepala yopikisana nanu yatulutsa nkhani imene palibe wina ali nayo. Akuti aona lipoti la ofufuza za ndalama, lomwe silinatulutsidwe, losonyeza kuti bungwe lina la boma linalipira ma ambulansi 40 koma anafika 12 okha. M'nkhaniyo muli wogwira ntchito wina wosatchulidwa dzina amene akuti, "Tinauzidwa kuti tisafunse mafunso." Muli mneneri wa bungwelo akuti, "Sitingayankhe za lipoti limene silinatuluke." Muli mbiri yoti kontalakiti inaperekedwa zaka ziwiri zapitazo kwa kampani ina. Muli ndime yonena kuti mwini kampaniyo ndi mlamu wa mkulu woona zogula katundu, ndipo mkuluyo watchulidwa dzina. Pomaliza mtolankhani wawo akufotokoza zimene anaona: magalimoto 12 aja ali kuseri kwa mpanda, ena alibe matayala, udzu wamera pansi pake.

Mkonzi wanu akuti, "Tisagone opanda nkhani imeneyi." Nayi ndime imene mtolankhani wothamangitsidwa amabweretsa:

"Zadziwika kuti bungwe lakutilakuti linapereka ndalama za ma ambulansi 40 pamene 12 okha ndiwo anabwera. Lipoti la ofufuza likusonyeza kuti 28 sakudziwika komwe ali. Mmodzi wa ogwira ntchito wati anawaletsa kufunsa mafunso. Magalimoto amene anafikawo angoima kuseri kwa mpanda, udzu ukumera pansi pake."

Palibe chiganizo chokopera m'menemu. Koma taonani zimene ndimeyi ikuuza wowerenga. "Zadziwika" akubisa amene wadziwitsa. "Lipoti likusonyeza" akutanthauza kuti mwaliona, pamene simunalione. "Wati" akumveka ngati wogwira ntchito uja walankhula ndi inu. Ndipo udzu uja ukunena kuti munapita kumpandako. Mabodza atatu ndi chinsinsi chimodzi m'ziganizo zinayi. Ndi ngati kupenta njinga ya mnzako mtundu wina n'kumaikwera pamaso pake.

Pali chinanso chobisika. Nambala ya 28 mwaipanga nokha pochotsera 12 pa 40, n'kuiika m'kamwa mwa lipoti, kuwonjezera kuti "sakudziwika komwe ali". Mwina lipotilo likuti otsalawo ali m'njira, kapena kuti ndalama zake zinabwezedwa. Simukudziwa. Pofuna kuti mawu asiyane ndi a anzanu mwawonjezera mfundo imene ilibe gwero lililonse. Ichi chimachitika kawirikawiri: kusaka mawu ofanana tanthauzo kumapotoza nkhani. "Akufufuzidwa" amasanduka "akuimbidwa mlandu", "anachedwa kulipira" amasanduka "anakana kulipira".

Tsono chitani chonchi. Tsekani nkhani ya anzanuyo mutalemba pa pepala mfundo zake zisanu ndi imodzi, iliyonse pamzere wake. Kenako gwiritsani ntchito ola loyamba pa foni, osati pa kiyibodi.

Yambani ndi mneneri. Muimbireni nokha. Nthawi zambiri adzakuuzani zofanana ndi zimene anauza anzanu, koma tsopano mawuwo ndi anu, ndipo mungalembe kuti "wauza nyuzipepala ino". Funso lanu likhale lolunjika: kodi lipotilo lilipo? Ngati ayankha kuti sangalankhule za lipoti limene silinatuluke, wavomereza kuti lipoti lilipo, koma sanavomereze manambala. Lembani zokhazo. Akapanda kuyankha foni, lembani kuti munayesa, ndipo ngati mukufuna mawu amene anauza anzanu, lembani kuti "anauza nyuzipepala yakutiyakuti".

Za kontalakiti ija, fufuzani m'nkhokwe ya nkhani zanu zakale kapena m'zidziwitso za boma. Mukaipeza, ndi mfundo yodziwika kale ndipo simufunika kutchula anzanu. Koma ipezeni ndithu, musangokhulupirira kuti poti ndi mbiri yakale ndiye kuti ndi yolondola. Zaka ndi mayina a makampani ndi malo amene anzanu amalakwitsa mosavuta, ndipo cholakwa chofanana m'nyuzipepala ziwiri ndi umboni wa kuba umene sungakanidwe. Mu 1898, pa nkhondo ya America ndi Spain, nyuzipepala ya Hearst ya ku New York inapeka msilikali wina, Kanala Reflipe W. Thenuz, n'kulengeza kuti wafa ku Cuba. Nyuzipepala ya World ya Joseph Pulitzer inatola nkhaniyo n'kuisindikiza ngati yake. Munthuyo kunalibe, unali msampha.

Manambala a 40 ndi 12 ndiwo mtima wa nkhani, ndipo ngati simunalipeze lipotilo, ndi a gulu lachinayi. Dzina la nyuzipepala inayo liyenera kukhala m'chiganizo chimene muli manambalawo, m'ndime yoyamba kapena yachiwiri. Kulitchula kamodzi m'ndime yachisanu ndi chiwiri, wowerenga atakhulupirira kale kuti nkhani ndi yanu, ndi kubisa kwaulemu chabe. Komanso mkonzi wa tsamba akamadula nkhani kuti ikwane, amayambira kumunsi, ndipo dzina lija limapita limodzi ndi ndime zodulidwazo. Milandu yambiri ya kuba nkhani imabadwa pamenepa, wolemba ali kunyumba, akudziwa kuti gwero analitchula.

Wogwira ntchito wosatchulidwa dzina uja ndi wovuta kuposa onse. Simukumudziwa. Simudziwa udindo wake, ngati ali ndi chifukwa chodana ndi mabwana ake, ngakhale ngati alipodi. Mkonzi wa anzanu mwina akumudziwa, wanu ayi. Ine ndimati musiyeni. Ngati mawu akewo ndi ofunika kwambiri, lembani kuti nyuzipepala yakutiyakuti inagwira mawu a munthu amene sinamutchule dzina, ndipo musamutche "gwero lodalirika", chifukwa kudalirika kwake simunakuyese.

Nkhani ya mlamu ndi dzina la mkulu uja isalowe mpaka mutaitsimikiza nokha ndi kumupatsa mwini wake mpata woyankha. Apa kutchula gwero sikukuthandizani. M'mayiko ambiri, makamaka otsata malamulo ochokera ku England, kubwereza mawu oipitsa mbiri ya munthu kumawerengedwa ngati kuwanena mwatsopano. "Malinga ndi nyuzipepala yakutiyakuti" amakupulumutsani ku mlandu wa kuba nkhani, koma sakupulumutsani ku mlandu wa kuipitsa dzina. Anzanu akasumiridwa adzatulutsa zikalata zawo m'khoti. Inu mudzatulutsa nyuzipepala ya dzulo.

Udzu ndi matayala ndi maso a mtolankhani wina. Tumani munthu akaone, apo ayi zisiyeni. Zinthu zoterezi ndi zimene zimagwiritsa anthu. Mu 2003 Jayson Blair wa New York Times analemba za mayi wina wa ku Texas amene mwana wake, msilikali, anasowa pa nkhondo ya ku Iraq, n'kufotokoza za m'nyumba mwake ngati anafikamo. Zambiri anazitenga m'nkhani ya Macarena Hernandez ya mu San Antonio Express-News. Akonzi a kumeneko atadandaula, kafukufuku anavumbula nkhani zina zambiri zobedwa ndi zopeka, Blair anasiya ntchito, ndipo patangopita milungu yochepa akonzi awiri akuluakulu a nyuzipepalayo anatulanso pansi maudindo.

Ola likatha, ndime yanu ikhoza kuoneka chonchi:

"Bungwe lakutilakuti lavomereza kuti pali lipoti la ofufuza za ndalama lokhudza kagulidwe ka ma ambulansi, koma lakana kunena zimene zili m'lipotimo. Nyuzipepala yakutiyakuti, imene yati yaona lipotilo, yalemba kuti bungweli linalipira ma ambulansi 40 koma linalandira 12. Nyuzipepala ino sinaone lipotilo ndipo sinathe kutsimikiza manambalawo."

Ena amaona ngati chiganizo chomalizacho ndi chochititsa manyazi. Mabungwe akuluakulu ogulitsa nkhani amachilemba tsiku ndi tsiku, osachita nacho manyazi. Ndipo taonani kuti nkhaniyi yayamba ndi chinthu chimene mwadzimvera nokha, kuvomereza kwa bungwelo. Mutu wa nkhani nawonso utsate zomwezo. Musalembe "Ma ambulansi 28 asowa" pamwamba pa nkhani imene mkati mwake mukuvomereza kuti simunatsimikize.

Mukatsimikiza zonse panokha, kodi muwatchulabe?

Apa akonzi amasiyana maganizo. Tiyerekeze kuti mwalipeza lipoti lija ndipo manambala ndi omwewo. Tsopano mungalembe kuti "lipoti limene nyuzipepala ino yaona", ndipo ndi zoona. Ena amati basi, palibenso ngongole. Ine ndimati ngongole yatsala pang'ono: simukanalifuna lipotilo akanapanda kulitulukira anzanu. Chiganizo chimodzi chokwanira, chakuti "nkhaniyi inayamba kulembedwa ndi nyuzipepala yakutiyakuti", chiikeni m'ndime zoyambirira tsiku loyamba ndi lachiwiri. Nkhani ikakula, aliyense akuilemba ndipo boma layankhapo, simufunikanso kubwereza tsiku lililonse.

Chimene sindivomereza ndi chizolowezi cholemba "malipoti akuti", "nyuzipepala ina yalemba" kapena "zikumveka kuti" pamene gwero ndi limodzi ndipo mukulidziwa dzina. Amene amatero amati safuna kutsatsa malonda a mpikisano wawo. Koma wowerenga ali ndi ufulu wodziwa kuti manambala aja achokera kuti, kuti aweruze yekha ngati angawakhulupirire. "Malipoti" amamupangitsa kuganiza kuti magwero ndi ambiri.

Nkhani za mabungwe ogulitsa nkhani

Mabungwe monga Reuters, Associated Press ndi AFP ntchito yawo ndi kugulitsa nkhani kuti ena asindikize, choncho funso loyamba ndi losiyana: kodi nyuzipepala yanu imalipira? Ngati imalipira, mgwirizano wanu ndiwo umanena zimene mungachite. Kawirikawiri mumaloledwa kusindikiza, kufupikitsa ndi kulemba mutu wanu, koma dzina la bungwelo likhalepo ndipo tanthauzo lisasinthe. Pemphani kuuona mgwirizanowo, chifukwa umanenanso ngati mungamasulire, ngati zithunzi zili momwemo, ndi ngati mungaike nkhanizo pa intaneti. Atolankhani ambiri agwira ntchito zaka osauwerengapo.

Ngati simulipira, kuipeza nkhani ya Reuters pa tsamba la nyuzipepala ina sikukupatsani chilolezo. Iwo analipira, inu ayi. Kulemba "Reuters" pansi pa nkhani yonse yokopera kumathetsa bodza koma sikuthetsa mlandu wa umwini, chifukwa kutchula mwini ndi kupempha chilolezo ndi zinthu ziwiri. Chimene mungachite ndi chomwe tachita ndi nkhani ya ma ambulansi: kutenga mfundo zochepa, kuzilemba mwanu, kutchula bungwelo, ndi kuwonjezera zanu.

Kwa amene amalipira, vuto lofala kwambiri ndi la dzina la wolemba. Mtolankhani amatenga ndime khumi za bungwe, n'kuwonjezera ndime imodzi ya mawu a katswiri amene wamuimbira foni, n'kuika dzina lake pamwamba. Yesani chonchi: chotsani m'maganizo zonse zochokera ku bungwe, muone ngati chatsala chikuima pachokha ngati nkhani. Ngati sichikuima, nkhani ndi ya bungwe, ndipo mtolankhani wanu atchulidwe kumapeto kuti wawonjezerapo. Ngati chikuima, dzina lake likhale pamwamba, ndipo kumapeto kapena m'kati mulembe kuti zina zachokera ku bungwe lakuti. Samalaninso ndi mzere umene umatchula mzinda kumayambiriro kwa nkhani. Mzere umenewo umatanthauza kuti wolemba anali kumeneko. Dzina la mtolankhani wanu pamwamba pa "Geneva", iye ali pa desiki yake, ndi bodza ngakhale mutalipira.

Kusakaniza mabungwe awiri kapena atatu m'nkhani imodzi kuli ndi msampha wake. Pa ngozi yaikulu, bungwe lina limati afa anthu 30 malinga ndi apolisi, lina limati 45 malinga ndi achipatala. Mukasakaniza n'kungolemba "mabungwe a nkhani" pansi, mumataya ulusi wosonyeza nambala iti inachokera kwa ndani ndi nthawi yanji. Siyani gwero loyambirira m'chiganizo: apolisi ati 30, malinga ndi bungwe lakuti. Pali magwero awiri pamenepo, amene ananena ndi amene anamva, ndipo onse ayenera kuoneka.

Chinanso chimene chimapusitsa anthu ndi ichi. Mwaona mfundo ina m'nyuzipepala zisanu ndi zitatu, ndiye mukuti yatsimikizika, ndi yodziwika kale, sifunikanso gwero. Werengani bwino. Ngati zonsezo zili ndi mawu ogwidwa ofanana, odulidwa pamalo amodzimodzi, ndiye kuti ndi nkhani imodzi ya bungwe limodzi yosindikizidwa kasanu ndi katatu. Gwero ndi limodzi.

Ndipo nkhani za mabungwewa zimasintha tsiku lonse. Amatumiza yoyamba yaifupi, kenako yowonjezera, nthawi zina yokonza cholakwa, mwa apo ndi apo uthenga woti nkhani yonse ichotsedwe. Amene wailembanso nkhaniyo n'kufufuta dzina la bungwe wadula chingwe chimene chikanamubweretsera kukonzako. Mawa lake bungwe lakonza, aliyense wakonza, iye yekha watsala ndi cholakwa pansi pa dzina lake. Musanatseke tsamba, bwererani mukaone ngati yabwera ina yatsopano.

Mawu a m'mitengero

Mawu amene munthu analankhula sasinthidwa, choncho ndi okhawo amene amayenera kufanana ndendende ndi a m'nkhani ya anzanu. Chimene chimasiyanitsa ndi kumene analankhulira. Ngati anali pa msonkhano wa atolankhani, m'nyumba ya malamulo kapena m'chikalata chopita kwa onse, mawuwo ndi a aliyense. Pezani kanema kapena chikalatacho, mumvetsere nokha, n'kutchula malowo. Ngati analankhula kwa mtolankhani mmodzi, mawuwo anapezeka ndi ntchito ya mtolankhaniyo, ndipo "wati" yekha sakwanira.

Mu 2011 Johann Hari wa nyuzipepala ya Independent ya ku Britain anapezeka kuti ankatenga mawu amene anthu analemba m'mabuku awo kapena anauza atolankhani ena, n'kuwaika m'nkhani zake ngati anamuuza iye pocheza. Mawuwo anali enieni, a anthu omwewo. Bodza linali pa amene anauzidwa. Anapepesa ndipo anabweza mphoto ya Orwell imene anapata.

Mukamasulira mawu ogwidwa, kumbukirani kuti mwina bungwe linawamasulira kale kuchokera ku chilankhulo china. Kumasulira kwachiwiri kumatalikira kwambiri ndi zimene munthuyo ananena. Ngati mawu ake enieni simungawapeze, chotsani mitengero, mungofotokoza zimene ananena.

Mkonzi angadziwe bwanji nkhani isanatuluke

Mapulogalamu ofananitsa zolemba amagwira makamaka wokopera waulesi. Wosintha mawu ndi womasulira nthawi zambiri amadutsa. Njira yodalirika ndi kuyang'ana mafupa a nkhani. Lembani m'mbali mwa ndime iliyonse liwu limodzi lonena zimene ili nazo: manambala, wogwira ntchito, mneneri, mbiri, mlamu, mpanda. Chitani chimodzimodzi ndi nkhani ya anzanu. Atolankhani awiri ofufuza paokha angafanane ndime yoyamba, koma safanana mndandanda wonse, ndipo sasankha kachinthu kamodzimodzi kokongoletsera nkhani.

Kenako sankhani chiganizo chimodzi cha pakati, chimene chili ndi dzina, nambala kapena chooneka ndi maso, n'kufunsa wolemba kuti wachidziwa bwanji. Amene anafufuza amayankha msanga, amatchula amene anamuimbira ndi nthawi yake, amatsegula kope lake. Winayo amati "zili ponseponse". Ngati mukukayika ndi chiganizo chimene chikumveka chosalala kuposa mmene wolembayo amalembera masiku onse, tengani mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu otsatizana, muwaike m'mitengero, muwafufuze pa intaneti.

Zambiri mwa izi sizichokera ku mtima wakuba. Zimachokera ku chizolowezi chomata nkhani ya anzanu m'fayilo imene mukulembera yanu, n'kumaisintha chiganizo ndi chiganizo kuchokera pamwamba. Wotero sangathawe kasanjidwe ka mwini wake, ndipo foni ikalira pakati amaiwala pamene anafika, ndime imodzi n'kutsala yosakhudzidwa. Zomata zikhale m'fayilo ina, chilichonse chili ndi dzina la gwero pambali pake, ndipo fayilo ya nkhani iyambe yopanda kanthu. Akonzinso adziyang'ane okha: amene amafuna nkhani zisanu ndi zitatu pa tsiku kwa munthu mmodzi, kapena amene amafufuta dzina la mpikisano nthawi zonse akaliona, ndiye akuphunzitsa khalidweli.

Zikatuluka kale

Dandaulo likafika, musayambe ndi kukana ndipo musayambe ndi kusintha nkhani mwakachetechete. Odandaula amakhala atajambula kale tsamba lanu, ndipo kukonza mobisa kumasanduka nkhani yachiwiri yoipa kuposa yoyamba. Sungani nkhaniyo mmene inatulukira. Ikani ziwirizo pambalipambali, mumve mbali ya wolemba, muonenso zimene iye anapereka kwa akonzi, chifukwa mwina dzina la gwero linalimo ndipo linadulidwa ndi wina.

Ngati chasowa ndi kutchula gwero kokha, liikeni pamalo pake n'kulemba chidziwitso choonekera chonena chimene chasinthidwa ndi chifukwa chake: kuti nkhaniyi poyamba sinatchule kuti manambala ndi mawu a wogwira ntchito anachokera ku nyuzipepala yakutiyakuti. Yosindikizidwa pa pepala ikonzedwe m'kope lotsatira. Ngati ndime zathunthu ndi zokopera, zichotseni kapena chotsani nkhani yonse, koma pamalopo pakhale mawu ofotokoza. Muimbireni mkonzi wodandaulayo musanasindikize kukonzako, amve kwa inu.

Pomaliza tengani nkhani zina za wolemba yemweyo za miyezi ingapo yapitayo, makamaka zimene analemba mothamanga ndi zimene zilibe munthu amene analankhula ndi nyuzipepala yanu mwachindunji, muziyese ndi njira ija ya mafupa. Mukapeza kuti ndi kamodzi kokha, kukambirana ndi kumusonyeza kasungidwe ka zolemba kungakwanire. Mukapeza zitatu kapena zinayi, chilichonse chiyenera kukonzedwa pachokha ndi chidziwitso chake, ndipo nkhani zake zatsopano zisamatuluke mkonzi asanaone kope lake ndi manambala a foni a anthu amene wawagwira mawu.